Kodi lamuda ndi "mtengo wa mthunzi"?

*Ndimaphunzitsa masamu a zachuma. Tikafika pa lamuda wa Lagrange, mabuku achingerezi amamutchula kuti shado pulayisi, ndipo ine ndakhala ndikuuza ophunzira kuti ndi "mtengo wa mthunzi". Amangondiyang'ana. Kodi ndikulondola? Nanga lamudayo payekha tingamutchule chiyani m'Chichewa?*

Aphunzitsi, ophunzira anuwo alibe mlandu. Mchewa akamva "mtengo wa mthunzi" amaona mtengo wa masamba ambiri, woti munthu n'kuusa pansi pake dzuwa likaswa. Mawu akuti mtengo tili nawo awiri, ndipo timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu basi: wa nthambi timakweza pa "te", wa pogula sitikweza. Polemba kusiyana kumeneku sikuoneka. Ndiye mukaika "mthunzi" pambali pake, mwamukankhira kale wowerenga ku mtengo wa nthambi uja. Palinso vuto lina. Mthunzi ndi malo ozizira obisalapo dzuwa, pomwe chimene chimatsata munthu akamayenda padzuwa ndi chithunzithunzi. Dzina lachingerezilo likunena chachiwirichi, chinthu chotsata mtengo weniweni koma chosagwirika. Kutola mawu amodziamodzi m'dikishonale n'kuwalumikiza, ndilo khalidwe limene likutionongera Chichewa cha m'kalasi masiku ano, ndipo limandipweteka mtima. Dzina labwino limachokera pa ntchito ya chinthucho. Choncho tiyambe taona ntchito ya lamuda.

Titenge wogula amene ali ndi ndalama 80, ndipo akufuna katundu wa mitundu iwiri. Woyamba, amene kuchuluka kwake tikutcha x, amagulidwa ndalama 2 chimodzi. Wachiwiri, y, amagulidwa ndalama 4. Kukhutira kwake tikuyeza ndi x kuchulukitsa ndi y. Ndasankha "kukhutira" dala, osati "phindu", chifukwa phindu ndi la wamalonda ndipo limawerengedwa m'ndalama, pomwe apa tikuyeza mmene mtima wa wogula wakhazikikira ndi zimene wanyamula. Akufuna kukhutira kwambiri, koma bajeti yamuikira malire. Timalemba zonsezi pamzere umodzi umene tikuutcha L, ndipo chilembo λ ndiye lamuda uja:

```
L = xy + λ(80 − 2x − 4y)
```

Zili m'kati mwa mikutiramawuzo ndi ndalama zotsala akagula. Tsopano timafunsa katatu kuti L akusintha bwanji tikasuntha pang'ono x yekha, kenako y yekha, kenako λ yekha, ndipo kusintha kulikonse timakufananitsa ndi ziro:

```
y − 2λ = 0
x − 4λ = 0
80 − 2x − 4y = 0
```

Mzere woyamba ukutipatsa y = 2λ, wachiwiri x = 4λ. Tikazilowetsa mu wachitatu tipeza 80 − 8λ − 8λ = 0, ndiye kuti λ ndi 5. Motero x ndi 20, y ndi 10, ndalama zonse 80 zatha (40 uku, 40 uko), ndipo kukhutira kwake ndi 200.

Ophunzira ambiri akapeza 20 ndi 10 amatseka kope, 5 uja n'kumutaya ngati chotsalira cha masamu. Apa ndiye pagona nkhani. Mpatseni wogula uja ndalama imodzi yowonjezera, akhale ndi 81, ndipo muwerengenso kuyambira pachiyambi. Apeza x = 20.25 ndi y = 10.125, ndipo kukhutira kwake kufika pa 205.03. Kwakwera ndi 5.03, pafupifupi 5 yemwe uja. Ndiye kuti lamuda amatiuziratu, tisanabwereze masamu, kuti malire a bajeti akasunthidwa ndi ndalama imodzi, kukhutira kopambana kumene wogula angakufikire kukwera ndi zingati.

Njira ina yoonera zomwezi, imene ndikuona kuti imalowa msanga m'mutu, ndi kutsata ndalama imodziyo kumene ikupita. Pa x = 20 ndi y = 10, kuwonjezera x mmodzi kumabweretsa kukhutira 10, koma x amadya ndalama 2, ndiye ndalama iliyonse yabweretsa 5. Kuwonjezera y mmodzi kumabweretsa 20, koma amadya ndalama 4, ndiye ndalama iliyonse yabweretsanso 5. Kulikonse kumene aiponye ndalamayo, ibala chimodzimodzi. Yerekezani ndi wogula amene watenga x = 30 ndi y = 5. Nayenso wamaliza 80, koma kukhutira kwake ndi 150 kokha. Kwa iye ndalama yopita ku x ikubala 2.5, yopita ku y ikubala 7.5. Manambala awiriwa akasiyana chonchi, dziwani kuti wogula sanafike pabwino, ayenera kuchotsa ndalama ku x n'kupititsa ku y mpaka akumane. Pamene akumanirapo ndiye lamuda.

Tsopano dzina. Mtengo umenewu ndi wa chiyani? Si wa x, si wa y, pakuti mitengo yawo ndi 2 ndi 4, ndipo imadziwika kale. Ndi mtengo wa malire aja. Ndi zimene wogula akutaya chifukwa bajeti yamuimitsa pa 80 osati pa 81. N'chifukwa chake ine ndimati "mtengo wa malire", kapena mokwanira, "mtengo wa malire a bajeti". Malire sapita ndi mtengo wa nthambi m'maganizo mofulumira monga mthunzi, makamaka mukaonjezera "a bajeti", ndipo dzinalo limayankha lokha funso limene ophunzira amasokonezeka nalo. Ena amakonda "mtengo wobisika". Sindiwaletsa, koma anthu akamva zobisika amaganiza za ndalama zimene wogulitsa sanakuuze poyamba, ndipo lamuda alibe chinyengo chotero. Iye sanabisidwe ndi munthu, kungoti salembedwa pa katundu aliyense.

Mwina wina anganene kuti mtengo uyenera kukhala wa ndalama, nanga uwu ukuyezedwa m'kukhutira bwanji? Ine ndimakhulupirira kuti mtengo wa pogula unachokera ku mneni "kutenga", ndipo achibale athu olankhula Chishona amati kutenga pamene ife timati kugula. Mtengo ndi chimene chinthu chimakutengera kuti ukhale nacho. Malire a bajeti akumutengera wogula kukhutira 5 pa ndalama iliyonse imene ikumusowa. Liwu lathu likukwana bwino lomwe, popanda kulikakamiza. Chofunika n'chakuti ophunzira azitchula muyeso wonse: "kukhutira 5 pa ndalama imodzi", osangoti "5", ndipo asayerekeze n'komwe kunena kuti "ndalama 5".

Lamuda payekha, ngati chida cha masamu, ndi "chochulukitsira", chifukwa pa mzere wa L uja tachulukitsa naye malire. Kuti "chochulukitsira cha Lagrange" n'kokwanira. Dzina la munthuyo lisasinthidwe: Joseph-Louis Lagrange anabadwira ku Turin mu 1736 n'kumwalira ku Paris mu 1813, ndipo njirayi anaigwiritsa ntchito pa masamu a kayendedwe ka zinthu, akatswiri a zachuma anachita kubwereka pambuyo pake. "Lamuda" ndi dzina chabe la chilembo cha Chigiriki, ndipo kulitchula m'kalasi kulibe vuto. Chimene sindigwirizana nacho ndi "matipulaya". Tili ndi kuchulukitsa, liwu limene mwana aliyense wa ku pulayimale amalidziwa, tsono kubwereka n'kwa chiyani? Bajeti ndailandira chifukwa inalowa kale pakamwa pa aliyense. Matipulaya sanalowe, ndipo asalowe.

Dzina labwino limathanso kunyenga, choncho pali malo amene muyenera kuwagwira dzanja ophunzira. Akamva "mtengo" amaganiza kuti ndi wokhazikika, kuti ndalama iliyonse yowonjezera idzabala 5 mpaka kalekale. Ayi. Mpatseni wogula 80 ina, akhale ndi 160. Mwa kuwerengera ndi lamuda wakale, kukhutira kukanakwera ndi 400. Koma mukawerenga bwinobwino, x akhala 40, y akhala 20, kukhutira kufika 800, ndiye kuti kwakwera ndi 600. Lamuda mwini wake wasuntha, tsopano ndi 10. Ngakhale pa ndalama imodzi ija tinaona 5.03 m'malo mwa 5, ndipo kakusiyana kameneko kanali chizindikiro choyamba. Mtengo wa malire umanena zoona pa kusuntha kwakung'ono kokha, pamalo pamene malirewo ali lero.

Chachiwiri n'chozama kuposa ichi, ndipo ndi chimene ndingakonde kuti muthere nthawi pa icho. Kukhutira kulibe sikelo yake yokhazikika. Tikanatha kuyeza wogula yemweyo ndi logarizimu, motere:

```
L = ln x + ln y + λ(80 − 2x − 4y)
```

Mizere iwiri yoyamba ikhala 1/x = 2λ ndi 1/y = 4λ. Wogula asankhabe x = 20 ndi y = 10, chifukwa zimene amakonda kuposa zinzake sizinasinthe. Koma lamuda tsopano ndi 0.025. Munthu ndi yemweyo, bajeti yomweyo, katundu yemweyo, koma mtengo wa malire wachoka pa 5 kufika pa 0.025, kungoti tasintha choyezera. Choncho wophunzira akalemba kuti wogula wa lamuda 5 "akusowa ndalama kwambiri" kuposa wa lamuda 2, mufunseni ngati awiriwo anayezedwa ndi sikelo imodzi. Nthawi zambiri palibe njira yotsimikizira zimenezo. Pa nkhani ya kampani imene ikufuna phindu lalikulu zinthu n'zosiyana, chifukwa phindu limayezedwa m'ndalama zenizeni, ndipo mtengo wa malire kumeneko ndi ndalama zimene kampaniyo ingalolere kulipira kuti malire asunthe. Kwa wogula, nambalayo imamveka m'kati mwa sikelo imene mwasankha.

Nkhani ya chizindikiro ndi yaifupi. Wophunzira akalemba λ(2x + 4y − 80) ndi chophatikiza patsogolo, apeza −5. Sanalakwe masamu, wangotembenuza malire, koma aziwerenga mosamala kuti asanene kuti ndalama yowonjezera imachepetsa kukhutira. Aphunzitseni kulemba ndalama zimene zilipo poyamba, zogula pambuyo, ndipo lamuda adzatuluka wopanda chochotsera.

Pomwe dzina lathu limaonetsa mphamvu yake ndi pamene malire sakumukhudza wogula. Tiyerekeze kuti pali munthu amene amafika pokhuta atagwiritsa ndalama 60 zokha, moti china chilichonse chowonjezera chimangomuchepetsera kukhutira, ndipo ali ndi 80. Ndalama 20 zikutsala. Kumupatsa ya 81 sikusintha chilichonse, choncho lamuda ndi ziro. Apa wophunzira amene angakakamize kuti zogula zifanane ndi 80 apeza yankho lolakwika, ndipo chizindikiro chake ndi lamuda wotuluka ndi chochotsera ngakhale malire analembedwa moyenera. M'Chichewa chiganizo chake chimabwera chokha: malire amene sunawafike alibe mtengo. Yesani kunena zomwezo ndi "mtengo wa mthunzi", muona kuti sizitheka.