Maminitsi a bodi: lembani zomwe mwamanga, osati zonse zomwe mwakamba

"Ndine mayi, mlembi wa bodi ya sukulu ina yoyima payokha ku Kawale. Maminitsi anga amafika masamba 9 chifukwa ndimalemba zonse zimene aliyense wanena, koma apampando akuti sakuthandiza. Ndichotsemo ziti?"

Mayi, apampandowo asakukhumudwitseni, akunena zoona. Amene adzatsegule faelo yanu pakatha miyezi 6 sadzafuna kudziwa kuti anayamba kukweza mawu ndani. Adzafuna kudziwa chomwe bodi inamanga, amene anasenzetsedwa ntchitoyo, ndi tsiku loti akhale atamaliza.

Tiyerekeze kuti denga la kalasi ya Sitandade 3 likudontha, mvula ili pafupi, ndipo mwakambirana mphindi 40. Wina wati malata ndi akale, wina wati kalipentala wa chaka chatha anakudyerani ndalama, wina wakumbutsa za msonkhano wa makolo. Papepala pangotsala izi:

"Bodi inaona makoteshoni atatu okonzera denga la Sitandade 3. Inavomereza wachiwiri, wa K4,500,000, chifukwa ndi wokhawo wophatikiza malata ndi ntchito. Ovomereza 5, wokana 1. Msungichuma alipire theka pofika pa 14 Novembala. Mphunzitsi wamkulu ayang'anire ntchitoyo ndipo adzapereke lipoti pa msonkhano wotsatira."

Chifukwa chosankhira koteshoniyo ndachisiyamo dala, mzere umodzi basi. Owerengera mabuku akadzafunsa kuti munasiyiranji wotchipa, yankho lili pomwepo.

Pamene alembi ambiri timagwa ndi pa mawu oti "komiti ione" kapena "anagwirizana kuti nkhaniyi itsatiridwe". Aitsatire ndani? Ine ndinalembapo choncho m'bungwe lina, pa nkhani yosintha osayinira ku banki. Panadutsa misonkhano itatu aliyense akuyesa kuti mnzake wapita, mpaka cheke chinabwezedwa. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma m'maminitsi ntchito iliyonse izikhala ndi mwini mmodzi, ngakhale omuthandiza atakhala anayi. Ndiye apampando asanapite pa mfundo ina, kwezani dzanja: "Pepani apampando, ndilembe kuti tamanga chiyani, achita ndani, pofika liti?" Werengani mokweza zomwe mwalemba. Mudzadabwa kuti nthawi zina anthu amakhala asanamange kanthu, angotopa.

Pali zina zosachotsa. Lembani amene anabwera, amene anapepesa, ndiponso ngati chiwerengero chinakwana choti bodi n'kumanga mfundo. Membala akapempha kuti kukana kwake kulembedwe ndi dzina, lembani. Ngati mwini koteshoni ina ndi mlamu wake wa membala, maminitsi aonetse kuti membalayo anaulula ndipo anatuluka pokambirana ndi povota.

Kope lanu lija la zonse musalitaye msanga. Lisungeni mpaka maminitsi avomerezedwe ndi kusayinidwa pa msonkhano wotsatira, chifukwa sipalephera wina wonena kuti "ine sindinatero". Koma zotumiza kwa mamembala zisapitirire masamba awiri, ndipo zituluke sabata isanathe, msungichuma asanaiwale za theka lija.