Akati tumizani tikonza kuno, musalole

"Abale ndithandizeni. Ndapangira kasitomala fulaya ya A5 mu Photoshop. Osindikiza akuti ilibe bulidi, ili mu RGB, ndipo chithunzi chodzaza tsamba ndi chochepa, ndi cha 1080 x 1350. Akuti ndingotumiza choncho akonza okha. Ndilole?"

Ayi achemwali, musalole. Mawu akuti tikonza kuno amenewo ine amandiyambitsa mutu mpaka lero.

Yanga inalinso A5, mafulaya 2,000 a kasitomala amene amatsegula bizinesi. Ndinapanga mu InDesign, tsamba 148 x 210 mm, bulidi, kutanthauza malo owonjezera kunja kwa mzere wodulira, ya 3 mm mbali zonse zinayi, ndiye PDF inatuluka 154 x 216. Zithunzi zonse 300 ppi, mitundu CMYK, malemba akuda K100 basi, buluu wa logo C100 M70. Ndinasunga ngati PDF/X-1a, yopanda timizere tosonyeza podula chifukwa iwowo ndi amene anati tisaikemo. Mnyamata wa pakompyuta anangoyang'ana kamodzi n'kuti, "Bwana musadandaule, pali tinatina tikonza kuno." Tinatina take sananene.

Tsiku lotenga katundu tinapita limodzi ndi kasitomala. Mwini wake ndi amene anang'amba pepala lokutira, ine ndili pambali kudikira kuyamikiridwa. Anatulutsa fulaya imodzi, kuitembenuza, kutulutsa ina, kenako kundipatsa osanena kanthu. Nambala ya foni imene inali pansi pa tsamba inali itadulidwa miyendo, 2 akuoneka ngati 7. Buluu uja atasanduka pepo. Malemba ang'onoang'ono a adiresi ali ndi mthunzi wapinki mbali ino, wabuluu mbali inayo, ngati munthu ukuona pawiri. Ndinayamba kusolola pakati pa mulu, pansi pa mulu, mwina ndipeza yabwino. Pa ena nambala inapulumuka koma itakhala pamphepete penipeni. Manja kunjenjemera, thukuta kamukamu, kasitomala akungoti, "Ndiye izi ndigawire anthu?"

Abwana a pamalopo kutuluka, mawu oyamba akuti fayilo yanu inalibe bulidi. Pamaso pa kasitomala wanga! Ndinati titsegule imene mwasindikizayo. Anazemba zemba, kenako mnyamata uja anaitsegula. Sinali PDF yanga. Inali JPEG, RGB, 150 ppi.

Chimene anachita n'chakuti amafuna kusanja mafulaya anayi pa pepala limodzi la SRA3, ndiye anatsegula PDF yanga mu Photoshop. Kabokosi ka Import PDF kamafunsa zinthu zingapo, kuphatikizapo Crop To, Resolution ndi Mode. Iye pa Crop To panali Trim Box, ndiye bulidi yanga yonse inatsala kunja. Ataona kuti palibe podulira anakoka tsamba lonse kufika 104%. Ndiye werengani nokha. M'lifupi 148 imakhala pafupifupi 154, zili bwino. Koma m'litali 210 imakhala 218.4, kutanthauza kuti mamilimita opitirira 4 atuluka kumwamba, enanso kumunsi. Nambala yanga inali 4 mm kuchokera pansi, ndiye inakathera pamzere wodulira weniweniwo. Mpeni wa makina umadula mulu wonse nthawi imodzi ndipo umatha kusuntha milimita imodzi uku kapena uku, n'chifukwa chake ena anapulumuka ena ayi. Malemba anga anali akuthwa, iye anawasandutsa chithunzi cha 150. K100 itapita ku RGB n'kubwereranso inakhala yakuda ya inki zinayi, ndipo inki zinayi zikaphonyana pang'ono pa kachilembo kochepa ndi mithunzi ija. Ntchito yonse kuipha ndi kabokosi kamodzi, kenako n'kumauza kasitomala kuti wolakwa ndine. Anabwerezadi kusindikiza, koma mochita kukangana, ndipo kupepesa sanapepese. Kasitomala uja sanandipatsenso ntchito ina.

Ndiye ngati fayilo yokonzeka anaichita zimenezo, yanuyo imene ilibedi bulidi adzangoikoka basi. Konzani nokha, si ntchito yaikulu.

Pitani pa Image kenako Canvas Size, osati Image Size, musasokoneze. Lembani 154 x 216 mm, kabokosi ka Anchor kakhale pakati, kuti 3 mm iwonjezeke mbali iliyonse. Ikani mizere yolondolera 3 mm kuchokera kumphepete, apo ndi podula, kenako ina 8 mm kuchokera kumphepete. Malemba, logo, nambala, zonse zofunika zikhale mkati mwa mizere yachiwiriyi, kuti zitalikirane ndi mpeni 5 mm. Chimene mukoke kufika kunja ndi mtundu wa kumbuyo ndi chithunzi chokha, malemba asasunthe. Mtunduwo ukalekezera pamzere wodulira, mpeni ukangosuntha pang'ono mumapeza kamzere koyera mbali imodzi, ndipo pa fulaya yakuda kamaoneka kutali. Ngati mwazunguliza tsamba ndi kamzere kokongoletsa pafupi ndi mphepete, chotsani, kamatuluka konenepa mbali imodzi kowonda inayo.

Pa chithunzi akunena zoona, ngakhale sindikufuna kuwavomera. Tsamba la 154 x 216 pa 300 ppi limafuna mapikiselo pafupifupi 1819 x 2551. 216 mm ndi mainchi 8.5, ndiye gawani 1350 ndi 8.5, mupeza 159 ppi. Ngati ndi mitambo kapena khoma la kumbuyo chikhoza kudutsa. Ngati ndi nkhope ya munthu kapena botolo lokhala ndi malemba, chituluka chofewa, tsitsi ngati lopakidwa, ndipo fulaya munthu amaigwira m'manja, si chikwangwani choonera patali. Pa 300 chithunzi chimenecho chimakwana 91 x 114 mm basi. Ndiye kapena muchichepetse chifike kukula kumeneko, kapena muuze kasitomala atumize choyambirira. Kukula kwa 1080 x 1350 kumeneko kukuonetsa kuti anachitsitsa pa Instagram. Afufuze chimene chinajambulidwa pa foni kapena kamera, ndipo akamatumiza pa WhatsApp atumize ngati Document, chifukwa akatumiza ngati chithunzi wamba chimafinyidwa. Wina akuuzani kuti ingolembani 300 pa Image Size. Resample ikakhala yochongedwa kompyuta imangopeka mapikiselo ongoyerekeza, nambala imakwera koma nkhope siyibwerera. Onaninso kuti fayilo yanu yonseyo munaiyamba pa 300, chifukwa ngati munaiyamba pa 72 ndi bwino kungoyambiranso.

Za mitundu, sikirini imawala, pepala siliwala, ndiye pali mitundu ina imene inki siingafikeko ngakhale mutatani. Buluu wowala uja, girini wonyezimira, olenji wothobwa m'maso, ndi amene amayamba kufa. Musanasinthe kanthu dinani Ctrl+Y muone mmene itulukire, kenako Shift+Ctrl+Y, malo onse osatheka adetsedwa ndi mtundu wotuwa. Muonetseni kasitomala zimenezo lero, akhumudwe muli pakompyuta, osati atanyamula katoni. Posintha sungani kaye kope la RGB pambali, kenako Edit, Convert to Profile, ndipo musachonge Flatten Image. Mukasintha musabwererenso ku RGB, ulendo uliwonse manambala amasintha, ndi zimene zinapha buluu wanga.

Mukatero tengani Eyedropper muyang'ane manambala. Pa buluu, M ikayandikira C mupeza pepo, ine ndimasiya M itsike ndi 30 kapena kupitirira. Malemba akuda mudzawapeza asanduka china chake ngati C75 M68 Y67 K90, ndi zimene Photoshop imachita ndi chakuda cha RGB. Asankheni onse muwalembe C0 M0 Y0 K100 ndi dzanja. Koma ngati muli ndi dera lalikulu lakuda, K100 yokha imatuluka ngati yotuwa, pamenepo ikani C60 M40 Y40 K100. Kuphatikiza ndi 240, zili bwino. Musakafike 400 poganiza kuti kudera kwambiri, inki siuma, pepala lililonse limadetsa msana wa linzake. Pa pepala lonyezimira ambiri amafuna musapitirire 300, pa losanyezimira n'kuchepera apo.

Posunga sankhani Photoshop PDF malemba akadali pa maleya awo, kuti atuluke akuthwa. JPEG ayi. Dziwani kuti PDF yochokera mu Photoshop siidziwa kuti podula ndi pati, kwa iyo tsamba ndi 154 x 216 basi. Ndiye lembani pa dzina la fayilo komanso mu uthenga kuti bulidi ya 3 mm ili kale mkati, adule 148 x 210, asindikize pa 100%, asakoke. Uthenga wolemba, osati kuimba foni. Ine chinandipulumutsa pa mkangano uja ndi imelo yokhala ndi PDF yanga.

Komano afunseni kaye iwowo musanayambe zonsezi, makina ndi awo, amawadziwa kuposa ife. Afunseni akufuna bulidi yaikulu bwanji, chifukwa ena amafuna 5 mm, pulofailo iti, kaya FOGRA39 kaya ina, ndiponso timizere todulira tikhalepo kapena ayi. Ngati makina awo ndi a dijito mwina akuuzani kuti musiye zithunzi mu RGB mutumize PDF/X-4, kompyuta ya makinawo isinthe yokha, ndipo nthawi zina zimatuluka bwino kuposa kusintha nokha. Akatero mverani, bola alembe. Wosindikiza wodziwa ntchito akhoza kukuonjezerani bulidi bwinobwino osakoka tsamba, ine amene ndimagwira naye pano ndimangomutumizira, nthawi zina osayang'ananso. Koma awo simukuwadziwa. Auzeni asindikize fulaya imodzi pa pepala lomwelo, aidule, muiyeze ndi lula, muwerenge nambala ya foni mokweza, kasitomala asaine kumbuyo kwake, kenako ndiye makina ayambe. Akakana kukupatsani pulufu imodzi yokha, tengani fayilo yanu mukayese kwina.