Chiwongolero chikulemera koma galimoto sikumveka m'manja

"Alamu, ndalumikiza chiwongolero chija cha Logitech G29 pakompyuta ndipo ndikusewera masewera a mpikisano wa magalimoto a Assetto Corsa. Chiwongolero chikulemera kwambiri pakona koma galimoto ikupotoloka osandichenjeza, ndipo pamsewu wowongoka chikukhwepa. Kodi n'chowonongeka?"

Ayi alamu, sichinawonongeke, ndipo ndikukhulupirira kuti vuto lalikulu ndi lakuti mwakweza mphamvu mopitirira muyeso. Tisanafike pamenepo, tsimikizani kuti adaputala yamagetsi yalowa bwino, chingwe cha mapedulo chili m'malo mwake kunsi kwa chiwongolero, ndipo zomangira zagwira tebulo zolimba. Mukalowetsa USB, chiwongolero chiyenera kuzungulira chokha mbali zonse ziwiri kenaka n'kuima pakati. Chikatero ndiye kuti mamota ali moyo. Mu G HUB, pulogalamu ya Logitech yosinthira kagwiridwe ntchito ka chiwongolero, ikani Operating Range pa 900 ndi Sensitivity pa 50, ndipo muzimitse Centering Spring, chifukwa imeneyo imangokokera chiwongolero pakati mosasamala zomwe matayala akuchita. M'masewera namonso madigiri akhale 900, apo ayi manja anu ndi matayala azisemphana.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi iyi. G29 ili ndi mamota awiri aang'ono oyendetsa magiya, ndipo mphamvu yake yonse imangopitirira pang'ono manyutoni-mita 2. Masewera amawerengera mphamvu yomwe matayala akutsogolo akukankhira chiwongolero, koma akapempha yoposa imene mamota angathe, yotsalayo imangodulidwa. Tiyerekeze kuti malire a mamota ndi 100, ndipo Gain, imene m'masewera imakweza kapena kutsitsa mphamvu ya chiwongolero, mwaiika pa 100. Pakati pa kona masewera akupempha 140, kenaka matayala akutsogolo ayamba kuterereka ndipo pempholo latsika kufika pa 110. Manja anu alandira 100 ulendo woyamba ndi 100 ulendo wachiwiri, choncho simumva kusintha kulikonse, ngakhale kuti kupepuka kumeneko ndiko kunayenera kukuuzani kuti galimoto yasiya kugwira phula. Mukatsitsa Gain kufika pa 70, manambala omwewo amakhala 98 ndi 77, onse pansi pa malire, ndipo kusiyana kwake kumafika m'manja. N'chifukwa chake chiwongolero chopepukirapo chimakuuzani zambiri kuposa cholemera.

Kuti muone zimenezi ndi maso, lowani mumsewu wa Monza ndi galimoto imene mumaikonda, ndipo musunthire mbewa kumanja kwa sikirini kuti mutsegule kapulogalamu kotchedwa Pedals. Kuwonjezera pa mizere ya kilatchi, buleki ndi moto, pali mzere wina wosonyeza mphamvu ya chiwongolero, umene umafiira mphamvu ikamadulidwa. Yendani kangapo kuti matayala atenthe, kenaka muuyang'ane pa Parabolica, kona yomaliza ija yaitali yokhotera kumanja, chifukwa pamenepo matayala amapanikizika kwa nthawi ndithu. Ukafiira kona yonse, tsitsani Gain ndi 5, muyendenso, ndipo muzitero mpaka uzingofiira mwa kanthawi mukagunda m'mphepete mwa msewu. Kufiira kwa apo ndi apo kumeneko kusakudetseni nkhawa. Magalimoto amasiyana kulemera kwa chiwongolero, choncho mukasintha galimoto gwiritsani ntchito + ndi - a mbali ya manambala pakiyibodi muli mumsewu momwemo, m'malo mosokoneza Gain ya magalimoto onse.

Kukhwepa kwa pakati kuli ndi gwero lina. Mphamvu ikakhala yochepa kwambiri imalephera kusuntha mamota ndi magiya, motero imathera m'kati momwemo osafika m'manja. Mankhwala ake ndi Minimum Force, imene imakweza timphamvu tating'onoting'onoto. Yambani pa 10, muzikweza ndi 1 kapena 2 mpaka kukhwepako kuchepe. Chizindikiro chakuti mwapitirira n'chosavuta kuchiona: pamsewu wowongoka, mukamasula manja pang'ono, chiwongolero chimayamba kugwedezeka chokha uku ndi uku ndipo magiya amagogoda. Zikatero bwererani ndi 2. Kukhwepa pang'ono kudzatsalabe, poti ndi mmene magiya alili, ndipo musalimbane nako.

Zinjenjemera zowonjezera za Kerb, Road ndi Slip ine ndingaziike pa 0 poyamba, chifukwa zimadya mphamvu yochepa kale ija. Mudzabwezera pang'ono imene mwaisowa Gain ikakhazikika. Musinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Pa mapedulo, buleki ya G29 ili ndi kalabala m'kati kamene kamaiumitsa kumapeto, ndipo ambiri amaganiza kuti aponda yonse pamene masewera akuona gawo chabe. Pondani monga mumapondera pothamanga, muone ngati mzere wa buleki mu Pedals ukudzaza. Ngati sukudzaza, chepetsani malire ake apamwamba mu Controls mpaka uzidzaza osadzuka pampando. Ngati pansi panu ndi pa simenti kapena matailosi, tsamiritsani mapedulowo kukhoma ndi thabwa, ndipo mpando wa matayala muuleke, chifukwa uzikubwezani m'mbuyo nthawi iliyonse mukaponda buleki.