Foni si kiyi, ndinaphunzira ndi misozi

"Abale, ndimatumiza katundu ku Malawi kuchokera pa Joni pano. Zonse ndimalemba mu Excel koma zayamba kusokonekera. Ndikufuna kusamutsira mu detabesi, ndiyambire pati?"

Achimwene, musanagwire chilichonse tsegulani kolamu ya manambala a foni muione bwinobwino. Ine bizinesi yomweyi inatsala pang'ono kundithera pamenepo.

Ndinali ndi mizere 640 ya makasitomala, 380 a kuno otumiza, 260 a kumudzi olandira. Ndinapatsa ntchito mnyamata wina wodzitcha katswiri, ndalama analandiriratu. Iye anasunga fayilo ngati CSV, n'kulowetsa mu SQLite, nambala ya foni n'kuisandutsa PRIMARY KEY, kiyi yozindikirira munthu aliyense yomwe siyenera kubwerezedwa. Amvekere foni siifanana ndi ya wina. Inenso ndinangovomera ngati mbuzi.

Nambala ya kwathu ukailemba ndi 265 kutsogolo imakhala ndi madijiti 12. Excel ikaona nambala yotalika choncho imaifupikitsa, imaonetsa 2.65991E+11, ndipo ukasunga ngati CSV imalemba zomwe ikuonetsazo, madijiti enawo amatayika. Za kuno za 27 zili ndi madijiti 11, n'chifukwa chake zinapulumuka. Ndiye aliyense amene foni yake imayamba chimodzimodzi anasanduka munthu mmodzi. Detabesi inakana, inati kiyi yabwerezedwa. Mnyamata uja m'malo mofunsa chifukwa chake anangolemba INSERT OR IGNORE kuti isiye kudandaula. Mizere yobwerezayo inatayidwa mwakachetechete. Pa anthu 260 anatsala 24 basi.

Ndinazindikira mu Disembala, thiraki itadutsa kale pa Mwanza. Amene amagawa katundu ku Wenela anandiimbira cha m'ma 5 m'mawa: "Bwana, pamndandandawu mayi mmodzi ali ndi mafiriji atatu, njinga ndi makatoni 14, zoona zimenezi?" Kumbuyo ndikumva anthu akukuwa. Agogo ena anachokera ku Thyolo usiku kudzatenga firiji yomwe mwana wawo anavutikira chaka chonse ku Mayfair, dzina lawo palibe. Ine ndili m'chipinda ku Turffontein ndi kabudula, manja akunjenjemera, ndikuvundukula mabuku a malisiti akale, kuwerenga dzina limodzilimodzi pafoni mpaka eyataimu kutha kawiri. Katoni imodzi inali itapita kale ndi munthu wolakwika, ndinalipira ndekha. Katswiri uja? Foni yozimitsa. Atayatsa anati vuto ndi deta yanga inali yauve. Yauve! Ndalama yanga yokha ndiye inali yoyera.

Chinandipulumutsa ndi fayilo yoyambirira ya .xlsx yomwe ndinali nditadzitumizira pa WhatsApp. M'menemo madijiti onse amakhalamobe, amangobisika. Choncho yanuyo ikopereni pena, musaikhudze. Pa kope linalo pangani kolamu yatsopano, ngati mafoni ali mu kolamu C lembani:

```
="+"&TEXT(C2,"0")
```

Ikakana, ikani ; m'malo mwa koma, makompyuta ambiri a kuno amafuna choncho. Izi ndi za manambala oyamba ndi 265 kapena 27. Amene munalemba 099 kapena 088, Excel inadya kale ziro wakutsogolo, amenewo muwonjezere 265 kaye. Mukasunga CSV itseguleni ndi Notepad, osati Excel, mufufuze E+. Mukaipeza musapitirire.

Kiyi ikhale nambala yopanda tanthauzo yomwe detabesi ipereke yokha. Osati dzina, a Banda alipo angati? Osatinso foni, anthu amasintha simu, ndipo kumudzi banja lonse limalandirira pa foni imodzi.

```sql
CREATE TABLE kasitomala (
  id INTEGER PRIMARY KEY,
  dzina TEXT NOT NULL,
  foni TEXT
);
CREATE TABLE katundu (
  id INTEGER PRIMARY KEY,
  wolandira INTEGER NOT NULL REFERENCES kasitomala(id),
  tsiku TEXT,
  masenti INTEGER
);
```

Foni ndi TEXT chifukwa simudzaiwonkhetsa. Ndalama lembani m'masenti, R350.50 ikhale 35050. Tsiku likhale 2024-12-03, chifukwa 03/12 kompyuta ina imawerenga kuti ndi Malichi. Mu SQLite muyatsenso PRAGMA foreign_keys = ON nthawi iliyonse mukalumikiza, apo ayi ilola katoni ya munthu yemwe kulibe.

Mukamaliza kulowetsa, SELECT COUNT(*) FROM kasitomala. Muyerekeze ndi mizere ya mu Excel. Ine ndikanaona 404 m'malo mwa 640 tsiku lomwelo, agogo aja sakanagona pa simenti.

Musapatse munthu ntchitoyi, chitani nokha. Kaya mwina pezani wodziwa ndithu, pakuti inenso anandikonzera ndi mlamu wanga, koma mukhale pambali pake ndipo mulipire mawerengero akagwirizana. Ndipo ngati makasitomala anu sakukwana 100, kunena zoona ingokonzani Excel yomweyo, kolamu ya foni muiike Text musanalembemo. Buku la malisiti lokha musataye, ine langa ndimayenda nalo mpaka lero.