Usiku pa chiwongolero, shuga wotsika amabwera ngati tulo

"Ndili ndi matenda a shuga, ndimabaya insulini yosakaniza ya 30/70 m'mawa ndi madzulo. Kuntchito andiika pa shifiti ya usiku, kuyendetsa galimoto kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Ndizidya liti, ndiziyeza liti?"

Achimwene, nthawi yoti muiope ndi kuyambira 11 koloko usiku mpaka cha m'ma 3 koloko, ndipo chifukwa chake chili mu insuliniyo. Mbali yake ya 30 imagwira msanga, imathana ndi chakudya chamadzulo. Mbali ya 70 imachedwa, imadzafika pachimake patatha maola 4 mpaka 10 chibayireni. Munthu wogona pabedi nthawi imeneyo thupi lake silikuwononga mphamvu zambiri. Inu mudzakhala maso, mukuyendetsa, mwina mukutsitsa katundu, m'mimba mulibe kanthu.

Zimayenda chonchi, ndipo zimandiwawa chifukwa zimachitikira anthu osamala ndithu. Munthu wabaya 5:30 madzulo, wadya mothamanga, mbale osamaliza. 10 koloko amayenera kudya kanthu koma foni ya abwana yalira, akuti katundu wachedwa, musaime. Ikamakwana 1 koloko akuyasamula, maso akulemera. Akuti ndi tulo, atsegula zenera, akweza wailesi. Kenako thukuta lozizira kumsana pomwe kunja kukuzizira, manja akunjenjemera pa chiwongolero, milomo ikuchita dzanzi, mtima ukugunda ngati wathamanga. Mizere ya pamsewu ikuoneka iwiriiwiri. Wadutsa pokhotera pomwe amapadziwa bwino osazindikira. Choopsa kwambiri n'chakuti ubongo womwe umayenera kunena kuti "ima" ndi womwewo wasowa shuga, ndiye umangoti ndifika kaye patsogolopo. Patsogolopo ena safika. Ndipo galimoto ikagwera m'ngalande, abwana omwe aja amene anakaniza mphindi 10 zodyera ndi amene amayamba kunena kuti dalaivala anali ataledzera, poti munthu wa shuga wotsika amalankhula mododa lilime ndipo amadzandira. Zimenezi zimandikwiyitsa zedi. Katundu amadikira, shuga sadikira munthu.

Ndiye lamulo loyamba: usiku musamakhulupirire mmene mukumvera, khulupirirani makina oyezera. Yezani musanalize injini. Ngati akuwerenga kupitirira 5.0 mmol/L, nyamukani. Makina ena amawerenga mu mg/dL, pamenepo ndi 90. Akawerenga pakati pa 4.0 ndi 5.0, idyani kaye kanthu musananyamuke. Pansi pa 4.0, kapena 70 pa makina enawo, simuyendetsa, ngakhale mukudzimva bwino. Mukakhala pamsewu yezaninso maola awiri alionse, ndiye kuti 8, 10, 12, 2 ndi 4 koloko. Tcherani alamu pa foni chifukwa usiku nthawi imasokonekera. Ndipo tulo tikakugwirani mwadzidzidzi pakati pa maolawa, musadikire alamu, imani muyeze. Sambani m'manja kaye, chala chimene chagwira chipatso kapena chakumwa chotsekemera chimanamiza makina, amaonetsa shuga wokwera pomwe m'magazi watsika.

Tiyerekeze kuti 1:30 usiku mwayeza, makina akuti 3.4. Imikani galimoto pamalo abwino kunja kwa msewu, zimitsani injini, zulani kiyi, chokani pampando wa dalaivala. Imwani shuga wothamanga wokwana magalamu 15 mpaka 20. Amenewo ndi masipuni aang'ono 4 a shuga wosungunula m'madzi, kapena mamililita 150 mpaka 200 a juwisi kapena chakumwa chotsekemera, osati chija cholembedwa kuti chilibe shuga. Chokoleti ndi mabisiketi a kirimu ayi, mafuta ake amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Dikirani mphindi 15, yezaninso. Ngati mukadali pansi pa 4.0, bwerezani. Shuga akakwera, idyani chakudya chokhalitsa m'mimba, monga magawo awiri a buledi, chifukwa insulini ija ikadagwirabe ntchito ndipo ikutsitsaninso. Tsono apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: makina akangoonetsa 5.5 amakwera n'kunyamuka. Ayi. Dikirani mphindi 45 kuchokera pomwe shuga wabwerera m'malo mwake. Magazi amachira msanga koma ubongo umatsalira, mwendo umachedwa kuponda buleki. Zonse pamodzi ndi ola limodzi kapena kupitirira, ndipo palibe njira yachidule.

Pa kadyedwe, chakudya chenicheni chikhale chamadzulo, mphindi 30 mutabaya, ndipo mumalize mbale. Cha m'ma 10 koloko idyani kanthu kokhala ndi sitalichi pang'ono ndi zomanga thupi, monga buledi ndi dzira kapena mtedza. Cha m'ma 1 kapena 2 koloko kanthu kenanso kakang'ono, molingana ndi zomwe makina akunena. Musadye chakudya chachikulu pakati pa usiku pofuna kudziteteza. Shuga amakwera kwambiri, maso amachita chifunga, mkodzo umakuvutitsani, tulo timabwera tenitenito. Komabe ndinene zoona, pa chiwongolero kuli bwino kukhala pa 7 kapena 8 kusiyana ndi kukakamira 5. Zakumwa zopatsa mphamvu zija zisiyeni, shuga wake ndi wambiri, ndipo kafeini amathamangitsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja, mumalephera kusiyanitsa ndi shuga wotsika.

Shuga wothamangayo azikhala pomwe dzanja likufika mutakhala pampando, osati m'chikwama kumbuyo. Insulini ndi timapepala toyezera musazisiye pa dashibodi kapena m'galimoto yotsekedwa masana, kutentha kopitirira madigiri 30 kumaziwononga.

Vuto lina lili m'mawa. Mukaweruka 6 koloko, jakisoni wam'mawa uja anakonzedwera munthu amene adye m'mawa ndi masana. Mukabaya mlingo wonse n'kugona mpaka 2 koloko masana osadya, shuga adzatsikira m'tulo. Ichi si chosintha nokha pongoganiza. Pitani kuchipatala musanayambe shifiti, muwauze maola enieni ogwira ntchito, odyera ndi ogona, akusinthireni milingo kapena nthawi zake, mwinanso mtundu wa insulini, poti 30/70 imafuna munthu wodya pa nthawi yokhazikika. Sabata yoyamba lembani nambala iliyonse ndi nthawi yake, mukawaonetse. Yezani musanagone, ndipo mowa mukaweruka ayi, umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga mukagona. Anzathu amene mumamwa mapiritsi, gilibenikilamaidi amatsitsa shuga chimodzimodzi ndipo amakhalitsa m'thupi, moti shuga amatha kutsikanso patapita maola. Metifomini payekha satsitsa kawirikawiri.

Abwana aja ndawanena, koma auzeni ndithu kuti muli ndi shuga, makamaka ndi kalata ya adokotala yonena kuti muyenera kuima maola awiri alionse. Mnzanu woyenda naye adziwenso kuti mukayamba kulankhula zosamveka akupatseni chotsekemera, koma mukakomoka asakuikeni kanthu m'kamwa, akugonekeni cham'mbali n'kuthamangira nanu kuchipatala. Ndipo ngati makina ayamba kuonetsa 3 inu osamva chizindikiro chilichonse, siyani kaye kuyendetsa mpaka adokotala akuoneni, chifukwa ndiye kuti thupi lasiya kukuchenjezani.