Tebulo likhale ndi manambala, inu mufotokoze tanthauzo lake

"Ndikumaliza maphunziro a uphunzitsi ndipo kafukufuku wanga ndi wokhudza chidwi cha aphunzitsi pa ntchito yawo. Ndinagawa mapepala a mafunso 60, anabwerera 48. Pa funso la malipiro anthu atatu sanayankhe, ndipo 30 anati sakukhutira, choncho ndinalemba kuti osakhutira ndi 50 peresenti. Amene akundiyang'anira abweza chaputala chonse, ati maperesenti ndi olakwika komanso ndangobwereza zimene zili m'matebulo. Ndikonze bwanji?"

Amene akukuyang'aniraniwo sanalakwe, koma musade nkhawa, simufunika kubwereranso kwa aphunzitsi aja kukafunsa kachiwiri. Tiyambe ndi 50 peresenti yanuyo. Munaipeza pogawa 30 ndi 60, ndiye kuti munawerengera ndi anthu 12 amene sanabweze mapepala, ngati kuti mukudziwa zimene zili mumtima mwawo. Mukanagawa ndi 48 mukanapeza 62.5 peresenti, koma pamenepanso muli anthu atatu amene anadumpha funsolo. Amene anayankhadi za malipiro ndi 45, ndipo 30 mwa 45 ndi 66.7 peresenti, kutanthauza aphunzitsi awiri mwa atatu alionse. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kunena kuti theka la aphunzitsi likudandaula ndi kunena kuti awiri mwa atatu alionse akudandaula. Nambala yogawira imasintha pa funso lililonse, choncho tebulo lililonse lizisonyeza kuti anayankha funsolo ndi angati. Anthu 48 mwa 60 aja atchuleni kamodzi kumayambiriro kwa chaputala, kuti mapepala 80 peresenti anabwerera.

Tsopano ku nkhani yobwereza tebulo. Ophunzira ambiri amaika tebulo, kenako pansi pake n'kulemba mzere uliwonse m'mawu: akuti anali angapo, akuti anali angapo, mpaka tebulo litatha. Wowerenga ali ndi maso, manambalawo wawaona kale. Chimene akufuna kwa inu ndi chimene tebulo silingathe kunena palokha, ndipo nthawi zambiri chimatuluka mukawagawa anthuwo m'magulu. Sindinaone mapepala anu, ndiye manambala a magulu amene ndikuika apawa ndi ongoyerekezera. Tinene kuti mwa anthu 45 aja, 18 sanakwanitse zaka zisanu pa ntchito ndipo 27 akwanitsa kapena kupitirira.

Tebulo 4: Kukhutira ndi malipiro potengera zaka za pa ntchito (oyankha 45)

| Zaka pa ntchito | Osakhutira | Apakatikati | Okhutira | Onse |
|---|---|---|---|---|
| Zosakwana 5 | 9 (50.0%) | 4 (22.2%) | 5 (27.8%) | 18 |
| 5 kapena kuposa | 21 (77.8%) | 3 (11.1%) | 3 (11.1%) | 27 |
| Onse pamodzi | 30 (66.7%) | 7 (15.6%) | 8 (17.8%) | 45 |

Ngati munagwiritsa ntchito mayankho asanu osankhapo, njira imene Rensis Likert anayambitsa mu 1932, mutha kuphatikiza "sindikukhutira" ndi "sindikukhutira ngakhale pang'ono" monga ndachitira apa, bola munene kuti mwaphatikiza. Mzere womaliza mukauwonkhetsa ukupereka 100.1. Musabe kachidutswako pa nambala ina kuti zikwane 100, ingolembani pansi pa tebulo kuti kusiyanako kwabwera chifukwa chofupikitsa manambala.

Ndime yotsatira tebuloli ingayambe chonchi: "Aphunzitsi awiri mwa atatu alionse sakukhutira ndi malipiro, koma dandauloli ndi lalikulu pakati pa amene akhalitsa pa ntchito, 21 mwa 27, kusiyana ndi atsopano, 9 mwa 18." M'chiganizo chimodzi mwanena chachikulu, mwafananitsa magulu, ndipo mwaonetsa manambala enieni a anthu. Za apakatikati asanu ndi awiri aja simufunika kuzinena pokhapokha ngati zikusintha nkhani.

Samalani mbali imene mukuwerengera peresenti. Wina akhoza kulemba kuti mwa osakhutira 30, anthu 21 ndi okhalitsa, yomwe ndi 70 peresenti, n'kumaganiza kuti wapeza chinthu chachikulu. Koma okhalitsawo ndi ambiri kale m'gulu lonse, 27 mwa 45, yomwe ndi 60 peresenti, choncho n'zosadabwitsa kuti achuluke pakati pa odandaula. Kuti mufananitse magulu awiri osafanana kukula, peresenti iwerengedwe mkati mwa gulu lililonse.

Chinanso chimene ndimafuna kuti wophunzira aliyense achite asanakhulupirire kusiyana kulikonse ndi ichi: onani kuti munthu mmodzi akulemera bwanji. M'gulu la anthu 18, munthu mmodzi ndi 5.6 peresenti. Aphunzitsi ena awiri atsopano akanayankha kuti sakukhutira, 50 peresenti ija ikanakhala 61.1. Ngakhale zitatero, okhalitsa akanakhalabe patsogolo ndi 77.8, ndiye kusiyana kumeneku n'koyenera kukambidwa. Koma mukapeza kuti amuna ndi akazi akusiyana ndi 4 kapena 5 peresenti pa magulu aang'ono chonchi, ameneyo ndi munthu mmodzi basi. Lembani kuti panalibe kusiyana kwenikweni, musamangepo masamba awiri.

Mukatha kufananitsa, fotokozani chimene chingachititse zimenezi, koma mosamala. Tebulo lanu likusonyeza kuti kukhalitsa pa ntchito ndi kudandaula za malipiro zikuyendera limodzi, silikutsimikiza kuti china chikubala chinzake. Mwina okhalitsa ali ndi mabanja aakulu, mwina akhala pa giredi imodzi zaka zambiri osakwezedwa, mwinanso atsopano akadali ndi chimwemwe chopeza ntchito. Ngati munafunsa za kukwezedwa, bweretsani tebulo limenelo pano, lidzakuthandizani kuona chifukwa chimene chili ndi umboni. Ngati simunafunse, gwiritsani ntchito mawu monga "n'kutheka kuti".

Ndipo musaiwale mutu wanu. Mukufufuza chidwi pa ntchito, osati malipiro okha. Frederick Herzberg ndi anzake mu 1959 anasiyanitsa zinthu zimene zimachititsa munthu kunyansidwa ndi ntchito zikasowa, monga malipiro ndi malo abwino ogwirira ntchito, ndi zimene zimamupatsa khama, monga kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo komanso kuona zipatso za ntchito yake. Choncho 66.7 peresenti ija siikukupatsani mphamvu yolemba kuti aphunzitsi awiri mwa atatu alibe chidwi. Mphunzitsi akhoza kudandaula kwambiri za malipiro koma n'kumakonzekerabe phunziro lililonse ndi mtima wonse. Ikani tebulo la malipiro pafupi ndi la funso lina, monga lakuti akufuna kupitiriza uphunzitsi kapena ayi. Ngati odandaula za malipiro ndi omwewonso akufuna kusiya, nenani. Ngati akudandaula koma akufuna kukhalabe, pamenepo mwapeza nkhani yoyenera malo ambiri m'chaputala chanu, ndipo maganizo a Herzberg alowe pamenepa, osati kungotsala m'chaputala chachiwiri.

Za anthu 12 osabweza mapepala aja mulembepo ziganizo ziwiri kapena zitatu kumapeto. N'kutheka kuti amene ataya mtima kwambiri ndi omwe sanavutike n'kuyankha komwe. Nenaninso amene anatolera mapepalawo, chifukwa ngati anadzera m'manja mwa mphunzitsi wamkulu osamatidwa mu envulopu, mayankho okhudza utsogoleri wa pasukulu akhoza kuoneka okoma kuposa mmene zinthu zilili.