Mphatso yochepa ya mayi wachikuta, ikulungeni m'chitenje

"Anzanga, alamu anga achira dzana ku Ngabu, mwana wamkazi. Ndangokwanitsa sopo awiri, kabotolo ka mafuta odzola ndi shuga paketi imodzi. Ndizikonze bwanji kuti zioneke bwino?"

Achemwali, pepala lonyezimira la m'golosale lija lisiyeni. Limang'ambika musanafike, ndipo selotepi ndi kutentha kwathu kuno sizigwirizana, imamatuka yokha muli pa kabaza. Ndalama imeneyo onjezerani pang'ono mugule chitenje cha mamita awiri, ngakhale chotchipa. Chokulungiracho chikhala mphatso pachokha, mawa aberekera mwana.

Poyamba chotsani kapepala kamene amamata pa chitenje chatsopano. Musakamatule ndi chikhadabo, kamasiya ulimbo. Tembenuzani nsaluyo, dutsitsani simbi yotentha kumbuyo kwake, kachoka kosavuta. Mukatero sitani chitenje chonse, chifukwa mizere ya pashopu imaonetsa kuti mwangogula panjira mothamanga. Kenako chipindeni pawiri kuti mbali zonse zikhale pafupifupi zofanana.

Chinsinsi chagona pansi. Mukangoponya katundu pansalu n'kumanga, chimatuluka ndi phukusi la munthu wapaulendo. Ikani kaye kalichero kakang'ono kapena kadengu ka mlaza pakati pa chitenjecho, pamsika wa Ngabu kapena pa Nchalo simungasowe. Shuga agone pansi, sopo m'mbali, botolo liime chilili pakati. Tengani ngodya ziwiri zoyang'anizana, mangani molimba, kenako ziwiri zotsalazo mumange mfundo pamwamba, nsonga zake muzitambasule ngati makutu a kalulu.

Koma sopo ndi shuga asakhudzane. Ine ndinalakwitsapo popita ku Bangula: ndinaziika pamodzi, ulendo wa masana, ndipo tiyi amene anandiphikira ndi shuga yemweyo ankamveka sopo. Palibe anayankhula, koma ndinamwa ndi manyazi. Sopo mumangireni m'jumbo yakeyake. Mafutanso amasungunuka, makamaka mu Okutobala pamene dzuwa limapitirira madigiri 40, ndiye tsegulani chivindikiro, yalani kapulasitiki pakamwa pa botolo, mutsekenso mothina. Mtengo ngati unalembedwa, fufutani.

Nyamukani m'mawa kusanatenthe, ndipo phukusilo liphimbeni ndi chitenje chakale kuopa fumbi, mukachichotse mukayandikira pakhomo.

Mukafika musathamangire kupereka muli chiimire. Khalani pamkeka, mulonjerane, muone mwana kaye. Ngati pali amayi aakulu amene akusamalira wachikutayo, perekani kudzera mwa iwo, mutagwada, ndi manja awiri. Mawu akhale ochepa: "Amayi, tabwera ndi kangachepeka, kasopo kochapira matewera a mlendoyu." Zakuti "pepani ndalama zavuta" musatchule, zimachititsa wolandira kuyamba kukupepesani inuyo. Akakapanda kumasula pamaso panu musadandaule, ambiri amakamasulira m'nyumba alendo atapita.